La Directrice: Maina a Maudindo a Akazi m'Chifalansa ndi Ntchito ya Womasulira m'Chicheŵa

Mu Okutobala 2014, m'nyumba ya malamulo ya ku Falansa, phungu wina dzina lake Julien Aubert analandidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake a mwezi chifukwa cha zilembo ziŵiri zokha. Amene anali pampando tsiku limenelo anali mayi, Sandrine Mazetier, ndipo phunguyo anaumirira kuwatchula kuti *Madame le président* pamene malangizo a nyumbayo ankafuna *Madame la présidente*. Podziteteza iye anati akutsata bungwe la Académie française, ndi kuti m'Chifalansa *la présidente* ndiye mkazi wa pulezidenti. Kwa munthu woleredwa m'Chicheŵa, m'Chishona kapena m'Chibemba mlandu wotere ungaoneke wachibwana, pakuti kwathu kuno wapampando ndi wapampando basi. Komatu nkhaniyi ikukhudza zinenero zathu koposa mmene ikuonekera. Chifalansa ndi chimodzi mwa zinenero zogwirira ntchito m'bungwe la SADC, ndipo zikalata zolembedwa ku Kinshasa kapena ku Antananarivo zimafika m'manja mwa omasulira a kuno zitanyamula maina onga *directrice*, *ingénieure* ndi *Première ministre*. Nkhani ino ikuti Afalansa anachita bwino kupatsa akazi maina a maudindo awo, koma womasulira m'Chicheŵa angalakwitse kwambiri atawatsanzira, chifukwa mankhwala amene anachiza Chifalansa angadwalitse chinenero chimene chilibe nthendayo.

Nthenda yake ili m'kagwirizanidwe ka mawu. Dzina lililonse la m'Chifalansa lili m'gulu limodzi mwa magulu aŵiri, lachimuna ndi lachikazi, ndipo mawu onse odalira dzinalo amatsata gulu lake. Chiganizo chakuti *La nouvelle directrice est arrivée hier. Elle s'est dite satisfaite* chimanena kasanu ndi kaŵiri kuti munthuyo ndi mkazi: mu *la*, *nouvelle*, *directrice*, *arrivée*, *elle*, *dite* ndi *satisfaite*. Mwa zizindikiro zimenezi zisanu ndi chimodzi zimamveka ndi khutu, ndipo chimodzi chokha, *e* wotsiriza wa *arrivée*, chimangooneka pa pepala. M'Chicheŵa chiganizo chomwecho ndi chakuti "Mkulu watsopano anafika dzulo, wati wakhutira," ndipo mulibe chizindikiro ndi chimodzi chomwe chonena ngati mkuluyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mfalansa alibe njira yapakatiyi. Akakana kulemba *la directrice* sakhala chete pa nkhani ya umuna ndi ukazi ayi, koma amalemba *le directeur*, kenaka n'kusoŵa chochita ndi mawu otsatirawo. Akawagwirizanitsa ndi dzinalo amatcha mayi kuti *il*. Akawagwirizanitsa ndi munthuyo chiganizo chimathyoka pakati. Chitsanzo chotchuka ndi cha mu 1988, pamene boma la Falansa linalengeza za msilikali Dominique Prieur pomutcha *le capitaine*, n'kunena m'chiganizo chomwecho kuti ali *enceinte*, ndiye kuti woyembekezera.

Bungwe la Académie française linayankha vutoli pa 14 Juni 1984 m'chikalata chimene analemba Georges Dumézil ndi Claude Lévi-Strauss. Mfundo yawo inali yakuti gulu lotchedwa lachimuna kwenikweni ndi gulu lopanda chizindikiro, lotha kuimira anthu onse, pamene lachikazi ndilo lopatula. Motero kutcha mkazi ndi dzina lachikazi ndiko kumuchotsa pagulu. Mfundoyi si yopepuka, ndipo wophunzira zinenero za Chibantu ndiye woyenera kuiyesa bwino, popeza amadziŵa mmene gulu lopanda chizindikiro chenicheni limakhalira. Gulu la Mu-A- ndilo lotero. Mawu akuti "mphunzitsi ali ndi pakati" sadabwitsa munthu, ndipo "mphunzitsi wameta ndevu" sadabwitsanso. Ngakhale maina a anthu amene ali kunja kwa gululi, monga nduna ndi mfumu, amene amatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi- ("nduna yatsopano yafika"), sanena kanthu za umuna kapena ukazi. Chifalansa chilinso ndi maina angapo otere, monga *la victime* ndi *la sentinelle*, amene ndi achikazi m'galamala ngakhale akunena mwamuna. Koma ameneŵa ndi ochepa. Pa maina ambiri a anthu, *boulanger* ndi *boulangère*, *vendeur* ndi *vendeuse*, gulu limatsata munthu, ndipo woŵerenga anazoloŵera kumva choncho. Kafukufuku amene Pascal Gygax ndi anzake anasindikiza mu 2008 anaonetsa kuti oŵerenga Chifalansa ndi Chijeremani akapatsidwa dzina lachimuna lochulukitsa, lofuna kuimira onse, ankaganiza za amuna ngakhale pa ntchito zodziŵika kuti n'zachikazi. Gulu lochita zotere silingatchedwe lopanda chizindikiro m'lingaliro limene gulu la Mu-A- lilili.

Umboni wamphamvu koposa uli m'liwu lomwelo la *directrice*. Liwuli silinali lachilendo mu 1984. Malamulo opangira maina otere ndi akale: dzina lothera ndi *-teur* limakhala *-teuse* ngati likuchokera mwachindunji ku mneni wokhala ndi *t* m'tsinde lake, monga *chanteuse* kuchokera ku *chanter*, ndipo limakhala *-trice* ngati lili pa ubale ndi dzina lothera ndi *-tion* kapena *-ture*, monga *directrice* ndi *direction*. Mayi woyang'anira sukulu ya ana aang'ono wakhala akutchedwa *la directrice* kwa mibadwo, popanda wodandaula. Koma mayi woyang'anira ofesi ya nduna ankatchedwa *Madame le directeur de cabinet*. Chimodzimodzinso mayi wotayipa makalata anali *la secrétaire*, pamene mayi wokhala nduna anali *Madame le secrétaire d'État*. Liwu ndi limodzi, galamala ndi imodzi. Chimene chinkasintha ndi msinkhu wa mpando. Kumipando yapamwamba kwambiri dzina lachikazi linalipo ndithu, koma linali litapatsidwa kale kwa mkazi wa mwini mpando: *l'ambassadrice* anali mkazi wa kazembe, *la générale* mkazi wa mkulu wa asilikali, *la préfète* mkazi wa bwanamkubwa. Tsono mayi amene wakhetsa thukuta kuti afike pa udindo sankafuna dzina lomusandutsa mkazi wa munthu, ndipo n'chifukwa chake akazi ena ankalikana okha. Édith Cresson mu 1991 anali *Madame le Premier ministre*, ndipo Hélène Carrère d'Encausse, amene anatsogolera Académie kuyambira 1999 kufikira imfa yake mu 2023, ankafuna kutchedwa *Madame le secrétaire perpétuel*.

Kusintha sikunayambire ku Paris. Ofesi yoona za Chifalansa ku Québec inalimbikitsa maina achikazi mu 1979, ndipo kumeneko ndiko kunafalira maina othera ndi *-eure*, monga *professeure* ndi *ingénieure*. Boma la anthu olankhula Chifalansa ku Belgium linakhazikitsa lamulo lake pa 21 Juni 1993. Ku Falansa komiti imene nduna Yvette Roudy inakhazikitsa mu 1984, motsogozedwa ndi mlembi Benoîte Groult, inabala chikalata cha malangizo cha pa 11 Malichi 1986, chimene sichinatsatidwe kwenikweni kufikira pamene nduna zachikazi za m'boma la Lionel Jospin zinaumirira kutchedwa *Madame la ministre*. Zitatero Jospin anatulutsa chikalata china pa 6 Malichi 1998. Académie inavomereza maina achikazi a ntchito ndi maudindo pa 28 Febuluwale 2019, patapita zaka 35 chikanireni. Élisabeth Borne atasankhidwa mu 2022 anatchedwa *Première ministre*, ndipo Judith Suminwa Tuluka anatchedwa chimodzimodzi ku Congo mu 2024. Mavuto enieni a galamala alipo, koma ndi oŵerengeka: *médecine* ndi dzina la maphunziro a udokotala kotero kuti ambiri amangoti *la médecin*, *entraîneuse* linali ndi tanthauzo la mkazi wokopa amuna m'mabala lisanatanthauze mphunzitsi wa maseŵera, ndipo *auteure* ndi *autrice* akhala akulimbirana malo.

Zonsezi zikufika bwanji kwa wolankhula Chicheŵa? Malo abwino oyeserapo ndi Chipadze, dera la m'tauni ya Bindura ku Zimbabwe. Monga m'matauni ena a migodi m'dzikolo, ku Bindura kuli mabanja a anthu amene makolo awo anachokera ku Malaŵi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo Chicheŵa chawo chimakhala moyandikana ndi Chishona tsiku ndi tsiku. Kuyambira 2013 Chicheŵa chili m'gulu la zinenero 16 zimene gawo 6 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe limazindikira, ndipo gawo 7 limalamula boma kumasulira malamulowo m'zinenero zonsezo. Chicheŵa cholembedwa cha maofesi m'dzikolo chikali kupangidwa, ndipo amene akuchipanga ndi omasulira. Zimene iwo asankhe pa maina a maudindo zingakhazikike kwa nthaŵi yaitali.

Chitsanzo choyerekeza chithandiza. Kampani ina ya migodi ya ku Lubumbashi ikufuna antchito odziŵa za pansi pa nthaka, ndipo chilengezo chake chiyenera kuŵerengedwa ku Chipadze m'Chicheŵa. Chilengezocho chili ndi zigawo zitatu zovuta. Pamwamba pali mawu akuti *La directrice générale informe les candidats et les candidates*. Pakati pali *mineurs et mineuses*. Pansi pali dzina la wosaina lotsatana ndi *ingénieure en chef*. Womasulira wofuna kukhala wokhulupirika ku liwu lililonse adzalemba kuti "Mkulu wamkazi wa kampani akudziŵitsa ofunsira ntchito aamuna ndi ofunsira ntchito aakazi," ndipo pansi adzalemba "injiniya wamkulu wamkazi." Mawu onseŵa ndi Chicheŵa chovomerezeka, koma tanthauzo lapotoka. M'Chifalansa *directrice* salengeza kanthu. Ndi dzina wamba la munthu wamkazi wokhala pa mpandowo, ndipo woŵerenga amalidutsa osaima. M'Chicheŵa "wamkazi" ndi mfotokozi wochita kuwonjezera, ndipo mfotokozi wowonjezera amauza woŵerenga kuti pali china chachilendo, kapena kuti pali mkulu winanso wamwamuna amene uyu akusiyanitsidwa naye. Chimene Dumézil ndi Lévi-Strauss ankaopa molakwa pa Chifalansa, kuti dzina lachikazi limapatula mkazi, chimachitikadi m'Chicheŵa. Njira yodziŵira kuti kumasulira kwalakwika ndi yapafupi: womasulira adzifunse ngati akanalemba "mkulu wamwamuna" chikalatacho chikanati *le directeur*. Ngati sakanatero, "wamkazi" achoke. Zotsala ndi "Mkulu wa kampani akudziŵitsa onse ofunsira ntchito," ndipo pansi "Mayi Akutiakuti, injiniya wamkulu." Ukazi wa wosainayo waloŵa m'liwu laulemu, kumene Chicheŵa chimausunga, ndipo dzina la udindo latsala loyera.

Chigawo chapakati ndicho chosiyana, ndipo pamenepa lamulo lofufuta silikwanira. *Mineuse* ndi mkazi wokumba mgodi (asasokonezedwe ndi *mineure*, mtsikana wosakwana zaka zaukulu, ngakhale kuti dzina lachimuna la onse aŵiri ndi *mineur*). Kampani yolemba *mineurs et mineuses* ikunena dala kuti akazi akuloledwa, pa ntchito imene pangano la bungwe la ILO la mu 1935 linaletsa akazi kuigwira pansi pa nthaka. Womasulira akangolemba kuti "okumba mgodi," galamala yake ndi yolondola, koma mayi wa ku Chipadze amene agogo ake aamuna ndi bambo ake ndiwo ankatsika m'mgodi wa Trojan sadzamva kuti akuitanidwa. Liwu silinena za amuna, koma mbiri ya ntchitoyo ikunena. Apa mpofunika chiganizo chapadera, chonga "Ntchitoyi angafunsire amayi ndi abambo omwe." Kusiyana kwake ndi kwa chigawo choyamba n'kwakuti uku ukazi ndiwo uthenga, pamene kuja unali chabe msonkho umene galamala ya Chifalansa imalipiritsa aliyense wolemba.

Apa mpamene akatswiri ena a zinenero zathu amafulumira kudzitama, ponena kuti Chibantu sichisankha pakati pa mwamuna ndi mkazi. Galamala siisankhadi, koma olankhula amasankha, ndipo chizindikiro chake ndi mfotokozi yemwe uja. Anthu amati "namwino wamwamuna" ndi "dalaivala wamkazi," koma kaŵirikaŵiri sanena "namwino wamkazi" kapena "dalaivala wamwamuna." Kumene mfotokozi wagwera ndiko kukuonetsa amene sankayembekezeka. Komanso Chicheŵa chili ndi *ambassadrice* wakewake. M'mipingo yambiri "mayi busa" ndi mkazi wa abusa, kotero kuti mkazi akadzozedwa ubusa dzinalo amalipeza lili ndi mwini kale, ndipo amangotchedwa "abusa" monga anzake. M'Chicheŵa cha m'migodi ndi m'mafamu munali bwana, kapitawo ndi dona, ndipo dona, liwu lochokera ku Chipwitikizi, anali mkazi wa bwana. Lero mayi woyang'anira ntchito amatchedwa "abwana," ndipo kumutcha "adona" kungamveke ngati kumuchotsera udindo. Nalonso liwu lakuti mfumukazi limagwira paŵiri, mkazi wolamulira ndi mkazi wa wolamulira, pamene akazi olamulira midzi pakati pa Acheŵa akhala akutchedwa mafumu kuyambira kale. Theresa Kachindamoto wa ku Dedza ankatchedwa Inkosi, ndipo Joyce Banda, pamene ankalamulira Malaŵi kuyambira 2012 mpaka 2014, anali Pulezidenti ndiponso mtsogoleri wa dziko, popanda chophatikiza. Choncho Chicheŵa chinathetsa vuto lomwelo m'njira yosemphana ndi ya Chifalansa: Afalansa analanda dzina lachikazi kwa mkazi wa bwana n'kulipereka kwa mwini udindo, pamene Acheŵa anasiya dzina lachikazi kumene linali n'kupatsa mkazi dzina la onse. Njira yachiŵiriyi ndi yotheka chifukwa chakuti agwirizanitsi athu satsutsana nayo.

N'chifukwa chake maganizo opanga maina atsopano ndi *-kazi*, monga "mphunzitsikazi" kapena "mlembikazi," ayenera kukanidwa. Kachidutswaka n'kakale m'Chibantu ndipo kali ndi abale ake, *-kadzi* wa m'Chishona mu *mambokadzi* ndi *-kazi* wa m'Chixhosa mu *utitshalakazi*, mphunzitsi wamkazi. M'Chixhosa kamabala maina mosavuta. M'Chicheŵa kanauma, ndipo katsala m'mawu ochepa monga mfumukazi ndi mdzakazi. Kukadzutsa kungachititse kuti liwu lakuti mphunzitsi, limene lero ndi la onse, liyambe kumveka lachimuna, ndipo Chicheŵa chingadzipangire chokha vuto limene Afalansa alimbana nalo zaka makumi anayi.

Za kalembedwe kophatikiza amuna ndi akazi m'liwu limodzi ndi kadontho kapakati, monga *directeur·rice·s*, n'zosafunika kutayapo nthaŵi yaitali. Académie inakadzudzula kwambiri mu Okutobala 2017, ndipo chikalata cha nduna yaikulu Édouard Philippe cha pa 21 Novembala 2017 chinakaletsa m'zolembedwa za boma zosindikizidwa mu *Journal officiel*. Koma chikalata chomwecho chinalamula kuti udindo wa mkazi uzilembedwa m'dzina lachikazi, ndi kuti zolengeza ntchito zizitchula *le candidat ou la candidate*. Anthu ambiri amasokoneza nkhani ziŵirizi. Kwa womasulira kadonthoko sikavuta konse, pakuti *directeur·rice·s* ndi "akuluakulu" basi, monga momwe *la direction* kapena *les responsables* angamasuliridwe.

Chovuta chenicheni chili m'mawu oitanira munthu, ndipo pano Chicheŵa ndicho chimakakamiza kusankha kumene Chifalansa sichikakamiza. Mfalansa amasiyanitsa *tu* ndi *vous* polankhula ndi munthu, koma ponena za munthu wina *elle* ndi *elle*, kaya ndi mwana kaya ndi nduna. Mcheŵa ayenera kusankha pakati pa "wafika" ndi "afika," pakati pa "mkulu" ndi "akulu," monganso Mshona amasankha kuika *Va-* kapena kusaika. Womasulira amene amalemba "abwana afika" ponena za mwamuna, koma "mkulu wa kampani wafika" ponena za mkazi wa udindo womwewo, wachita ndi agwirizanitsi a ulemu chimene Aubert anachita ndi *le*, ndipo palibe buku la galamala limene lingamugwire. Kalata yoyamba ndi *Madame la Directrice* iyenera kuyamba ndi ulemu wofanana ndendende ndi wa *Monsieur le Directeur*: Mayi kapena Bambo, kenaka udindo wosasinthika, kenaka aneni a ulemu mpaka kumapeto.

Pa liwu lakuti Mayi pali mwaŵi umene Afalansa anachita kuupeza ndi chikalata cha boma. Pa 21 Febuluwale 2012 nduna yaikulu François Fillon inalamula kuti *Mademoiselle* achotsedwe m'mafomu a boma, chifukwa liwulo linkaulula ngati mkazi ndi wokwatiwa pamene *Monsieur* saulula kanthu za mwamuna. M'Chicheŵa cha maofesi Mayi amakwanira mkazi wamkulu aliyense, wokwatiwa ndi wosakwatiwa, ndipo womasulira sayenera kufunafuna liwu lina loti liimire *Mademoiselle* wa m'zikalata zakale. Chimene chimatsala chosadziŵika ndi dzina lotsatira. Joice Mujuru, wochokera m'chigawo cha Mashonaland Central chimene likulu lake ndi Bindura, anali wachiŵiri kwa pulezidenti wa Zimbabwe kuyambira 2004 mpaka 2014, ndipo anthu ankamutcha Mai Mujuru, ndi dzina la mwamuna wake. Mwambo wa Acheŵa woitana mkazi ndi mfunda wake, Naphiri kapena Nabanda, susintha mkazi akakwatiwa, koma m'makalata a ntchito sunapatsidwe malo. Womasulira sangathetse zimenezi yekha. Chimene angachite ndi kulemba dzina monga mwini wake analisainira, osawonjezera "a kwa Akutiakuti" pamene chikalata cha Chifalansa sichinatchule mwamuna aliyense.